Unamva kwa Yani?

Tinali atatu amene tinanyamuka ku Karonga m'mawa umodzi, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, tonse titasankhidwa kupita ku yunivesite imodzi. Makolo athu ankadziwana kumzikiti, choncho anagwirizana kuti tiyendere limodzi. Aliyense anali ndi kathumba ka mpunga wa kilombero ndi usipa wouma wokulunga m'pepala. Basi itadutsa Chilumba n'kuyamba kukwera chikweza cha Chiweta, nyanja inayamba kuchepa kumbuyo kwathu, ndipo tonse tinangoti duu. Tinkaopa zinthu zambiri monga kuzizira, chakudya, ndalama za lendi, ndiponso ngati tidzapeze malo oswalirapo. Za kulemba sitinaope, chifukwa tinali titakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 ndipo tinkaona ngati imeneyo ndi nkhani yakale.

Masabata oyamba anatha ndi kusochera. Akuluakulu ankatitchula kuti mayaro, ndipo tinkadziwikira patali chifukwa choyenda m'gulu ndi kufunsa zipinda. Ku sekondale aphunzitsi ankalemba manotsi pabolodi ife n'kumakopera. Kuno lekichala ankalowa, kulankhula ola lathunthu, kutchula mabuku anayi kapena asanu, n'kutuluka. Panalibe woona ngati talemba kapena ngati tabwera n'komwe. Tinkasangalala ndi ufulu umenewu mpaka tsiku limene tinapatsidwa asainimenti yoyamba ya phunziro la mbiri yakale.

Funso lake linatisangalatsa chifukwa linali lakwathu. Linkafuna kuti tikambirane zimene zinayambitsa nkhondo ya Mlozi ku Karonga, imene inayamba mu 1887 n'kutha mu 1895. Ankafuna mawu 1,500 ndipo anatipatsa masabata atatu. Ku Mpata tinkakudziwa, dambo la Kambwe tinkalidziwa, ndipo tonse tinali titalowapo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'tauni ya Karonga. Tinazengereza masabata awiri ndi theka. Kutatsala masiku atatu tinalowa m'laibulale, tinapeza mabuku awiri, ndipo aliyense anachita zimene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana: anasankha ndime zabwino, anaziwerenga mpaka zitalowa m'mutu, n'kuzilemba mwaukhondo popanda kuphonya ngakhale liwu limodzi.

Mapepala atabwerera, wina anapeza 38, wina 35, ndipo mlongo wathu uja sanapatsidwe malikisi alionse. Pamwamba pa pepala lake panalembedwa ndi inki yofiira kuti akaonane ndi lekichala pa nkhani ya kuba mawu a ena. Iyeyo ndi amene analoweza bwino kutiposa tonse. Kumadrasa ankapatsidwa mphoto chifukwa chosaphonya ngakhale chilembo, ndipo tsopano luso lomwelo linkatchedwa kuba. Analira usiku wonse. Tinali titamva kuti wolephera amalembanso mayeso a sapu, ndipo wolephera maphunziro angapo amachotsedwa sukulu. Kwa ife zimenezi zinkatanthauza matumba a mpunga amene makolo anagulitsa, ngongole ya boma imene tinasainira, ndiponso ulendo wobwerera kutsika Chiweta chimanjamanja.

Lachisanu lotsatira, itatha swala ya Ijuma, tinali titakhala pakhonde nkhope zili zakugwa. Panabwera mtsikana wa chaka chachinayi, wa ku Nkhotakota, amene bungwe la ophunzira achisilamu linamupatsa udindo woyang'anira achaka choyamba. Tinkawatchula kuti achemwali. Atapereka salamu anapempha kuti aone mapepalawo. Anawerenga la mlongo wathu mwakachetechete, kenako anaika chala pa chiganizo china n'kufunsa kuti, “Mng'ono wanga, liwu ili likutanthauza chiyani?” Iye sanadziwe. Anasonyezanso lina, nalonso sanalidziwe.

“Ndi mmene lekichala wadziwira,” anatero achemwali. “Ndime yoyamba ikulankhula ngati mwana wa ku Karonga. Yachiwiri ikulankhula ngati Mzungu wa zaka zoposa 100 zapitazo. Yachitatu wabwereranso iwe. Munthu amene wawerenga mabuku amenewa zaka zambiri safunika makina kuti aone zimenezi, ngakhale kuti makinawo aliko.”

Mlongo wathu anadziteteza kuti sanabe kanthu, popeza bukulo analibweza ku laibulale ndipo mawuwo sanawasinthe. Apa achemwali anafunsa funso limene linasintha mmene tinkaonera ntchito yonseyo. Anati, “Kumadrasa, mwalimu akamaphunzitsa hadisi, amayamba ndi chiyani?”

Tinayankha kuti amayamba ndi kutchula amene anaisimba.

Anatikumbutsa zimene tinkadziwa kale koma tisanaziganizirepo m'kalasi ya Chingerezi. Hadisi ili ndi mbali ziwiri. Pali matini, amene ndi mawu enieniwo, ndipo pali isinadi, umene ndi mndandanda wa anthu amene anapatsirana mawuwo, wina kumva kwa wina, mpaka kukafika kwa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Akatswiri monga Imamu Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, sankalandira mawu chifukwa choti ndi okoma kumva. Ankafufuza kuti wonenayo ndani, anamva kwa yani, kodi awiriwo anakhalapo nthawi imodzi, ndipo kodi wonenayo ndi wokhulupirika komanso wosunga bwino zimene wamva. “Inu mwabweretsa matini opanda isinadi,” anatero achemwali. “Ndipo popeza pamwamba pa pepala pali dzina lanu, mwauza wowerenga kuti mawu onsewa achokera m'mutu mwanu. Cholakwa chanu n'chimenecho. Kuloweza sikulakwa, koma kubisa amene munamva kwa iye.”

Lekichala, atamva kuti kunali kusadziwa, analola kuti tonse atatu tilembenso m'masabata awiri, ngakhale kuti malikisi ake sakanapitirira okhozera chabe. Achemwali anati tizikumana kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Loweruka, pakati pa swala ya Asiri ndi ya Magharibi, pa benchi ya panja pa laibulale. Anaika lamulo limodzi: iwo sadzagwira cholembera pa pepala lathu. Adzafunsa mafunso okha.

Tsiku loyamba sitinatsegule buku lililonse. Anatiuza kuti tiwerenge funso mokweza katatu, ndipo tilembe mzere kunsi kwa liwu limene likutilamula chochita. Linali liwu la Chingerezi lija lakuti disikasi. Ife tinkaliona ngati likutanthauza kuti nenani zonse zimene mukudziwa, n'chifukwa chake tinayamba ndi kumene Mlozi anachokera n'kumalizira pa imfa yake. Achemwali anafotokoza kuti liwulo limafuna kuti uike zifukwa zingapo pa sikelo, uone cholemera, ndipo unene mbali imene wayima ndi chifukwa chake. Funsolo silinkafuna mbiri ya nkhondo yonse. Linkafuna zimene zinaiyambitsa. Tinaona kuti theka la zimene tinalemba poyamba linali kuyankha funso limene silinafunsidwe.

Tsiku lachiwiri anatiphunzitsa kalembedwe ka manotsi. Tsamba lililonse la kope tinaligawa pakati ndi mzere wotsika. Pamwamba penipeni, tisanawerenge chilichonse, tinkalemba dzina la wolemba buku, chaka, mutu wa bukulo, mzinda ndi kampani imene inalisindikiza. Kumanzere tinkalemba zimene wolembayo wanena pamodzi ndi nambala ya tsamba, ndipo mawu alionse amene takopera ndendende tinkawatsekera m'zizindikiro zogwira mawu nthawi yomweyo. Kumanja tinkalemba zimene ifeyo tikuganiza pa zimenezo. Chifukwa chake n'chosavuta: pakapita sabata, munthu sakumbukiranso kuti chiganizo ichi n'chake kapena anachitenga m'buku, ndipo ambiri amene amagwidwa ndi mlandu wa kuba mawu amagwera pamenepa, osati chifukwa cha mtima woipa.

Chovuta kwambiri chinali kunena mfundo ya wina m'mawu athu. Poyamba tinkangochotsa liwu limodzi n'kuikapo lofanana nalo, chiganizo n'kukhala chomwecho. Achemwali anati kumeneko n'kuveka mbuzi ya mnzako chingwe chako. Njira yawo inali iyi. Werenga ndimeyo kawiri. Tseka buku. Uza mnzako zimene wawerengazo m'chilankhulo chakwanu, kaya Chinkhonde, Chitumbuka, Chiswahili kapena Chichewa. Ukalephera, ndiye kuti sunamve, ndipo ubwerere kukawerenganso. Ukatha, lemba m'Chingerezi chako buku lili chitsekere. Kenako tsegula kuti uone ngati sunapotoze tanthauzo ndiponso ngati sunatenge mawu asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana. Pomaliza ika isinadi yako, kutanthauza dzina la wolemba ndi chaka, motere: (Kalinga, 1985). Ngakhale mawu akhale ako onse, mfundoyo ikadali ya mwini wake ndipo ayenera kutchulidwa.

Apa ndi pamene nkhani ya Mlozi inayamba kutivuta mwa njira ina. Titalemba mayina ndi zaka pamwamba pa masamba, tinaona chinthu chimene poyamba sitinachione. Buku limene tinalowezamo kwambiri linali la Monteith Fotheringham, lotchedwa Adventures in Nyassaland, la mu 1891. Munthu ameneyu ndi amene ankayang'anira sitolo ya kampani ya African Lakes ku Karonga, ndipo anamenya nawo nkhondoyo. Harry Johnston, amene analemba British Central Africa mu 1897, ndi yemweyo amene anatsogolera asilikali ogonjetsa linga la Mlozi mu Disembala 1895, Mloziyo n'kunyongedwa. Mboni zathu zikuluzikulu zinali anthu a mbali imodzi ya mlandu.

Mmodzi wa ife, amene agogo ake ankalankhula Chiswahili pakhomo, anasangalala nazo. Anati tsopano alemba kuti zonsezo ndi mabodza a Azungu ofuna kuipitsa Asilamu. Winayo anali ndi maganizo osiyana: anali wamanyazi kuyambira tsiku limene funsolo linaperekedwa, chifukwa m'kalasi anzathu ena anatembenuka kutiyang'ana dzina la Mlozi litatchulidwa, ndipo ankafuna kungolemba mwamsanga kuti munthuyo anali woipa, nkhani ithe.

Achemwali sanakwiye ndi aliyense. Anati nawonso kwawo ku Nkhotakota ali ndi mbiri ya a Jumbe, ndipo anadutsa m'mayesero omwewo. “Achimwene,” anauza woyamba uja, “akatswiri a hadisi akapeza kuti msimbi ali ndi mbali imene akukondera, ankafufuza ngati pali njira ina imene nkhani yomweyo yadzera. Kodi nkhani ya ku Kambwe yadzera mwa Azungu okha?” Anatitumiza ku buku la Owen Kalinga la mu 1985, A History of the Ngonde Kingdom of Malawi, limene linagwiritsa ntchito kwambiri zimene akuluakulu achinkhonde ankasimba pakamwa, ndiponso ku buku la John McCracken la mu 2012, A History of Malawi. Ndipo ife tomwe tinkadziwa kuti kwathu, m'mabanja amene sanawerengepo Fotheringham, anthu amakumbukirabe kuti chakumapeto kwa 1887 Ankhonde anathawira m'mabango a ku Kambwe, mabangowo anatenthedwa, ndipo anthu ambiri anafera pamenepo. Nkhani ikadzera m'njira zosiyana zimene sizinakoperane, imalimba. Mnzathuyo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafufuta chiganizo chake.

Kwa wachiwiriyo anafunsa kuti, “Nanga kampani ija inkatani ku Karonga? Inabwera kudzapulumutsa anthu basi?” Tinawerenga n'kupeza kuti inkagula minyanga ya njovu, ndipo amalonda achiswahili anali ena mwa oigulitsa minyangayo nkhondo isanayambe. Tinapezanso kuti Ahenga amene ankakhala pakati pa Ankhonde anali kumbali ya Mlozi, ndipo kuti malinga a Mlozi, Kopakopa ndi Msalemu anali pa njira ya malonda yochokera kumtunda kutsikira kunyanja. Choncho zifukwa zinali zingapo: kugwira anthu ukapolo, kulimbirana njira ya malonda, kufuna kwa Mlozi kulamulira dziko la Kyungu, ndi kusamvana kwa Ahenga ndi Ankhonde. Ntchito yathu inali kuziika pa sikelo.

Sabata yachiwiri inali yomanga ndime. Achemwali anati ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi yokha, ndipo iyankhe mafunso anayi motsatizana: ukunena chiyani, umboni wako ndi uti, unamva kwa yani, ndipo zimenezi zikuyankha bwanji funso lija. Mlongo wathu analemba ndime imene timaikumbukirabe. Anayamba ndi kunena kuti kulimbirana malonda kokha sikungafotokoze nkhondoyo. Anapereka umboni wakuti oyamba kuthiridwa nkhondo anali midzi ya Ankhonde, osati sitolo ya kampani. Anatchula mabuku awiri amene anapezamo zimenezi, n'kuonjezera kuti limodzi linalembedwa ndi munthu amene anamenya nawo nkhondoyo ndipo liyenera kuwerengedwa mosamala. Anatseka ndi kunena kuti chifukwa chachikulu chinali kufuna ulamuliro pa dziko ndi pa anthu ake, pamene malonda ndi amene anakokeramo Azungu. Chingerezi chake chinali chophweka kuposa cha pepala loyamba lija, koma liwu lililonse akanatha kulifotokoza atafunsidwa.

Mawu oyamba tinalemba pomalizira, titadziwa kale chimene tikunena. Pa mawu 1,500 aja, pafupifupi 150 anapita ku mawu oyamba, 150 ku mawu omaliza, ndipo otsalawo tinawagawa m'ndime zisanu ndi imodzi za mawu pafupifupi 200 iliyonse. Mndandanda wa mabuku kumapeto sunativute, popeza zonse zinali kale pamwamba pa masamba a makope athu. Tinangoona kuti dzina lililonse limene lili m'kati mwa nkhani lilinso pa mndandandawo, ndipo lililonse la pa mndandandawo latchulidwa m'kati.

Tiyenera kunenanso malire a thandizo lotere, chifukwa tinawaona. Achemwali anatiphunzitsa kutchula dzina ndi chaka m'kati mwa chiganizo, monga mmene ankachitira ku dipatimenti yawo. Semesita yotsatira tinakumana ndi lekichala amene ankafuna manambala aang'ono m'nkhani ndi mayina a mabuku m'munsi mwa tsamba, ndipo tinataya malikisi chifukwa chosawerenga pepala la malangizo a phunzirolo. Mkulu amakuuza njira imene iye anayendamo, koma chimene lekichala wako akufuna chili pa pepala limene iye wakupatsa, ndipo pamene sipakumveka uyenera kukagogoda pa ofesi yake. Tinaonanso gulu lina limene mkulu wake, chifukwa cha chifundo, anapereka asainimenti yake yakale kuti ang'ono ake aonerepo. Anayi anapereka mapepala ofanana ndime ndi ndime, ndipo onse anaitanidwa. Ifenso tinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyo, popeza tinkawerenga mabuku amodzimodzi pa benchi imodzi. Achemwali anatiuza kuti kukambirana tichitire limodzi, koma polemba aliyense akhale payekha, ndipo tisatumizirane zolemba pa foni. Chizindikiro chakuti thandizo lapitirira malire n'chakuti m'pepala lako muli chiganizo chimene sungathe kuchiteteza mkuluyo atachoka.

Tonse atatu tinakhoza, ndi malikisi okhozera chabe monga tinauzidwira. Pa tchuthi tinatsika Chiweta, ndipo mnzathu uja wa agogo olankhula Chiswahili anakakhala pa mkeka ndi agogo akewo, kope lili m'manja. Anawafunsa zimene ankadziwa za masiku a Mlozi. Atasimba, anawafunsanso kuti, “Agogo, inu munamva kwa yani?” Iwo anaseka n'kunena kuti anamva kwa amayi awo, amene nawonso anamva kwa azakhali awo. Iye analemba zimenezo pamwamba pa tsamba, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku limene anacheza nawo, chifukwa nkhani ya pakamwa nayonso imalandiridwa ku yunivesite ikakhala ndi isinadi yake. Zina zimene agogowo ananena zinagwirizana ndi mabuku, zina zinasiyana nawo, ndipo iye sanataye chilichonse koma analemba pambali pamene zasiyanira.

Kwa makolo a m'mbali mwa nyanja amene mukutumiza ana chaka chino, pempho lathu ndi laling'ono. Mwana akaimba foni n'kunena kuti wapeza 38, musafulumire kuganiza kuti wayamba masewera. Mufunseni ngati wapeza wamkulu wa chaka chachitatu kapena chachinayi woti amuonetse pepalalo, ndipo ngati wamkuluyo amamufunsa mafunso kapena amamulembera. Ana athu ambiri amachoka pakhomo atadziwa kale kusunga mawu mokhulupirika ndi kutchula amene anawasimba. Chimene amasowa ndi munthu wowauza kuti chimene yunivesite ikufuna n'chachibale ndi chimene mwalimu anawaphunzitsa pa mkeka wa kumadrasa, kungoti kuno amafunanso kuti mwanayo anene maganizo ake pa zimene wamvazo.

Achemwali anamaliza maphunziro awo chaka chomwecho. Titafika chaka chachitatu, bungwe lija linatipatsa ifenso achaka choyamba asanu, awiri a ku Mangochi, mmodzi wa ku Salima ndi awiri akwathu ku Kaporo. Tinakumana nawo pa benchi yomwe ija itatha swala ya Asiri. Mmodzi anatulutsa pepala lokhala ndi inki yofiira, manja akunjenjemera, n'kutipatsa pamodzi ndi cholembera kuti timukonzere. Tinalandira pepalalo, cholemberacho tinamubwezera, ndipo mlongo wathu anaika chala pa chiganizo chachitatu n'kumufunsa tanthauzo la liwu limene linali pamenepo.